Kodi ndi wailesi yagulitsa, kapena ndi Khirisimasi?

Disembala akatha, amalonda ambiri amatsegula makope awo n'kumwetulira. Amene analipira uthenga wotsatsa malonda pa wailesi amaona kuti katundu wayenda kuposa mu Okutobala, ndipo amayamika uthengawo. Koma mu Disembala anthu amagula kale popanda wowaitana: malipiro amabwera msanga, ena amalandira bonasi, ana amafuna zovala zatsopano. Funso loyenera ndi lakuti: uthengawo ukanapanda kuulutsidwa, Disembala ameneyu akanagulitsa zingati?

Tiyerekeze sitolo ya nsapato ku Limbe. Mu Okutobala, mwezi umene malonda ake amayenda mwa masiku onse, inagulitsa mapeyala 220. Mu Disembala inalipira K300,000 ku wailesi ndipo inagulitsa 360. Mwini wake akuti uthenga wabweretsa mapeyala 140 owonjezera, ndipo pakuti peyala iliyonse imamusiyira phindu la K6,000, akuwerengera K840,000.

Kuti tidziwe zoona tifunika makope a zaka zitatu zapitazo. Pa chaka chilichonse tiphatikize zogulitsidwa zonse n'kugawa ndi 12, kuti tipeze avareji ya mwezi umodzi. Kenako tigawe za Disembala ndi avarejiyo. Tinene kuti sitoloyi inkagulitsa mapeyala 200 pa mwezi, koma 300 mu Disembala. Ndiye kuti mlingo wa Disembala ndi 1.5: mweziwu pawokha umawonjezera theka pamwamba pa malonda a masiku onse. Zaka zitatu n'zofunika chifukwa chaka chimodzi chingathe kunamiza, mwina chinali cha njala kapena cha dzinthu zochuluka.

Chaka chino malonda a masiku onse afika pa 220. Tikachulukitsa ndi 1.5 tipeza 330. Amenewa ndiwo mapeyala amene akanatuluka ngakhale wailesi ikanakhala chete. Gawo la uthenga ndi mapeyala 30 okha, phindu la K180,000, losafika pa ndalama imene inapita ku wailesi.

Nkhani siithera pa 31 Disembala. Januwale ndi mwezi wouma: makolo akulipira fizi, m'nkhokwe mwayamba kupepuka, ndalama zinapita ku feteleza. Ngati mlingo wa Januwale ndi 0.7, sitoloyi iyembekezere mapeyala 154. Ikagulitsa 140, n'kutheka kuti anthu 14 amene akanagula nsapato za kusukulu mu Januwale anangofulumira kugula atamva uthenga. Amenewo si makasitomala atsopano. Tikawachotsa, patsala mapeyala 16. N'chifukwa chake zotsatira za kampeni ya nyengo ya zikondwerero ziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mwezi wotsatira.

Masamu amenewa amasokonekera kwambiri munthu akamawerenga makwacha m'malo mwa katundu. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo n'kukwera kutangotsala milungu yochepa kuti Khirisimasi ifike. Wofananitsa ndalama za Disembala wa chaka chimenecho ndi za miyezi ya m'mbuyo angaganize kuti malonda anakwera, pamene mwina ndi mitengo yokha imene inakwera. Werengani mapeyala, mabelo kapena makatoni. Ngati muli ndi makwacha okha, yambani mwachotsa kukwera kwa mitengo pogwiritsa ntchito ziwerengero zimene ofesi ya boma yoona za chiwerengero ku Zomba imatulutsa mwezi ndi mwezi.

Msampha wina ndi wobisika. Ngati sitolo imatsatsa Disembala aliyense, mlingo wa 1.5 uja uli kale ndi mphamvu ya mauthenga akale m'kati mwake, ndipo mapeyala 30 aja akungosonyeza kuti uthenga wa chaka chino waposa a zaka zina. Njira yotulukira ndi kuyesa. Wokhala ndi masitolo awiri, ina ku Limbe ina ku Mzuzu, atsatse pa wailesi ya m'dera imene imamveka kumodzi kokha. Khirisimasi ifika konse kuwiri, choncho sitolo yotsatsidwa ikakwera ndi 64 peresenti, inayo ndi 50, kusiyana kwa 14 ndiko kungaikidwe pa uthenga.

Kumbukiraninso kuti si zikondwerero zonse zimene zimakhala pamalo amodzi. Pasaka amagwa mu Malichi kapena Epulo, ndipo Idi imabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Pa zimenezi fananitsani milungu iwiri isanafike tsiku la chikondwerero, chaka ndi chaka, osati mwezi ndi mwezi.

Mwini sitolo ya ku Limbe uja akabwereza uthenga womwewo mu Juni, alimi atagulitsa mbewu, agawe zogulitsa za mweziwo ndi mlingo wa Juni, za Disembala ndi 1.5. Pamenepo miyezi iwiriyi yaima pa sikelo imodzi, ndipo adziwa mwezi umene K300,000 yake imabweza zambiri.