Tebulo la 6 pa manja a ana awiri

Mwana wa Sitandade 4 akhoza kuimba tebulo la 6 lonse osapunthwa, koma mukamudzidzimutsa kuti "6 kuchulukitsa ndi 7 ndi zingati?" mumaona milomo yake ikuyamba kugwedera. Wabwerera kwa 6, 12, 18, ndipo akuyenda ulendo wonse kuti akafike pa 42. Mwanayo waloweza nyimbo, koma nyimboyo ili ndi khomo limodzi lokha, la koyambirira. Masewera owomba m'manja akakonzedwa bwino amamutsegulira khomo lachiwiri pakati pa tebulo.

Kuomba kusanayambe, ana ayambe aona chimene akawerenge. Aike zitsekerero za mabotolo kapena timiyala m'milu, sikisi pa mulu uliwonse, kuti adziwe kuti 18 ndi milu itatu. Mukalumpha apa, chotsala ndi phokoso chabe.

Kenako ana aime awiriawiri moyang'anizana. Kuombako kuli ndi zigawo zisanu, ndipo pachigawo chilichonse amatchula nambala imodzi. Amenye ntchafu zawo, 6. Aombe m'manja mwawo, 12. Dzanja lamanja likumane ndi lamanja la mnzake, 18. Lamanzere ndi lamanzere, 24. Manja onse awiri agundane ndi a mnzake mwamphamvu, afuule 30. Abwererenso ku ntchafu ndi 36, m'manja 42, kumanja 48, kumanzere 54, manja onse 60.

Zigawo zisanuzi sizongosankha. Taonani mmene nambala za tebuloli zikuthera: 6, 2, 8, 4, 0, kenako 6, 2, 8, 4, 0 kachiwiri. Motero kumenya ntchafu kumagwera pa nambala yothera ndi 6, ndipo kugundanitsa manja onse kumagwera pa yothera ndi 0 nthawi zonse. Awiri akagundanitsa manja akutchula 36, amadziwa okha kuti alumpha nambala, mphunzitsi asanawauze. M'kalasi ya ana ochuluka, mmene mphunzitsi sangamve pakamwa pa aliyense, ichi n'chinthu chachikulu.

Phindu lenileni lili pa 30 uja. Mwana akazolowera kuti manja onse ndi milu isanu, safunikanso kuyambira pa 6. Mukamufunsa za 6 kuchulukitsa ndi 7, amayambira pa 30, n'kuwonjezera zigawo ziwiri: 36, 42. Za 9 amachita kubwerera m'mbuyo kuchoka pa 60, kamodzi kokha, 54. Koma njira yachiduleyi sibwera yokha. Mphunzitsi aziyambitsa dala masewera pakati ponena kuti "tiyambire pa manja onse," tsiku lina awauze aombe chobwerera kuchoka pa 60 kutsika.

Kuomba komweku kumagwiranso pa matebulo ena. Pa tebulo la 8 manja onse amagwera pa 40 ndi 80, pa la 4 amagwera pa 20 ndi 40. Pa la 7 amagwera pa 35 ndi 70, ndiye ana muwauziretu kuti kuno koyamba kumathera ndi 5. Musasakanize matebulo awiri tsiku limodzi, makamaka la 6 ndi la 8, chifukwa 24 ndi 48 ali konsekonse, ndipo mwana akafika pa 24 akhoza kukhotera m'tebulo lina osazindikira.

Vuto lina ndi liwiro. Ana amakonda kuthamangitsa, ndipo kalasi yonse ikamafuula, amene sakudziwa amangotsegula pakamwa n'kumatsatira anzawo. Mumawazindikira ndi maso awo, amene amakhala pa milomo ya mnzawo, komanso mawu awo amachedwa pang'ono kumbuyo kwa manja. Kuthana nazo n'kosavuta: awiriwo azilandizana, wina 6, wina 12, manja akuyendabe. Akatero palibe pobisala. Ine ndingakonde mphindi zisanu tsiku lililonse, pang'onopang'ono, kusiyana ndi phunziro lonse la phokoso kamodzi pa mlungu.

Manja akakhazikika, lowetsani funso lenileni. Mmodzi afunse pa kuomba kuwiri koyamba kuti "6 kuchulukitsa ndi 8," mnzake ayankhe pamene manja onse akugundana, mafunso osatsata ndondomeko. Yankho likabwera, wofunsayo atembenuze funso, 8 kuchulukitsa ndi 6, kuti amve okha kuti ndi 48 yemweyo. Kunyumba kholo likhoza kuyesa mwana popanda kuomba konse: mazira ali m'mizere isanu ndi iwiri, sikisi pa mzere uliwonse, alipo angati? Akayankha 42 mosazengereza, kapena mwamva akunong'ona 30 kenako 36, apite ku tebulo lotsatira. Akayambiranso pa 6, abwerere kukayeserera kuyambira pakati.