Anthu 13, miyezi 12: awiri obadwa mwezi umodzi sangasowe

Minibasi ikanyamuka ndi anthu 13, kuwerengera dalaivala ndi kondakitala omwe, wodziwa masamu akhoza kunena mosaopa kutsutsidwa kuti muli anthu awiri obadwa mwezi umodzi. Safunika kuona chitupa cha aliyense, ndipo sakulosera ayi. Umboni ali nawo.

Umboniwo umayamba ndi kuvomereza kaye zonena za wotsutsa. Tinene kuti m'minibasimo mulibe awiri obadwa mwezi umodzi. Ndiye kuti Januwale ali ndi munthu mmodzi kapena alibe aliyense, Febuluwale chimodzimodzi, mpaka kukafika Disembala. Zikatero, miyezi yonse pamodzi singapitirire anthu 12. Koma anthu alipo 13, ndipo wotsalayo sanabadwe kunja kwa kalendala. Mwezi uliwonse umene angatchule aupeza uli kale ndi mwini wake, choncho zonena za wotsutsa zagwa.

Imeneyi ndiyo mfundo ya zisa za nkhunda: nkhunda zikachuluka kuposa zisa, zonse n'kulowa, chisa china chikhala ndi nkhunda ziwiri kapena kuposerapo. Kawirikawiri amaitchula ndi dzina la katswiri wa masamu wa ku Germany, Peter Gustav Lejeune Dirichlet, ndipo amati anaifotokoza mu 1834, ngakhale kuti Mfalansa wina, Jean Leurechon, anali atalembako ganizo lomweli mu 1622.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pofuna kuti mfundoyi inene zoposa zimene imanena. Siuza munthu kuti awiriwo ndi ati, kapena kuti mweziwo ndi uti. Sinenanso kuti mwezi uliwonse uli ndi munthu wake, pakuti onse 13 akhoza kukhala a mu Ogasiti. Ndipo wokwera mmodzi akatsika, n'kutsala 12, chitsimikizo chatha, chifukwa n'zotheka aliyense kukhala ndi mwezi wakewake, ngakhale zotere sizichitikachitika.

Kulakwitsa kwina n'kuwerenga zisa moperewera. Wofuna kutsimikiza kuti pagulu pali awiri okumbukira kubadwa kwawo tsiku limodzi angaganize kuti anthu 366 akwana, poti chaka chili ndi masiku 365. Waiwala obadwa pa 29 Febuluwale. Zisa zilipo 366, choncho pafunika anthu 367. Zimene zimamveka zija, zoti pa anthu 23 okha mwayi wopeza awiri otere umaposa theka pang'ono, n'zoona, koma ndi masamu a mwayi. Gulu la anthu 23 likhoza kukhala lopanda awiriwo, pamene la 367 silingathe.

Gulu likakula, mfundoyi imanena zambiri. M'kalasi ya ana 50, mwezi uliwonse utakhala ndi ana osaposa anayi, onse pamodzi sangapitirire 48, chifukwa 12 × 4 = 48. Ana awiri atsala panja. Ndiye kuti mwezi wina uli ndi ana osachepera asanu. Koma palibe angalumbire kuti pali mwezi wa ana asanu ndi mmodzi, pakuti otsala awiri aja akhoza kugwera miyezi yosiyana. Njira yodziwira malire ndi yomweyo nthawi zonse: kugawa anthu mofanana monga mmene zingathekere, n'kuona chisa chodzadza kwambiri chili ndi angati.

Luso lenileni lili posankha chimene chikhale zisa, ndipo chitsanzo cha tsitsi, chomwe Leurechon anachigwiritsanso ntchito, chimaonetsa zimenezi bwino. Mutu wa munthu umakhala ndi tsitsi pafupifupi 100,000 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo palibe amene amafika 1 miliyoni. Choncho nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 999,999 ikhale chisa, ndipo munthu aliyense alowe m'chisa cha nambala ya tsitsi lake. Zisa zakwana 1 miliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi. Chisa chilichonse chitakhala ndi anthu osaposa 17, onse sakanapitirira 17 miliyoni. Ndiye kuti pa nthawi ya kalemberayo panali anthu osachepera 18 okhala ndi tsitsi lofanana chiwerengero ndendende, popanda wina kuwerenga mutu ndi umodzi womwe.

Wanthabwala anena kuti anthu a dazi loti mbee ndiwo athetsa nkhani, poti onse ali pa 0. Achotsedwe onsewo, ngakhale atakhala 1 miliyoni. Patsala anthu oposa 16.5 miliyoni ndi zisa 999,999, ndipo chisa china chikhalabe ndi anthu osachepera 17.