Mtengo wa m'nyuzipepala si mtengo womwe mudzagulire masheya

Munthu wogwira ntchito ku Capital Hill kapena wa shopu ku Old Town akaganiza zogula masheya, amayamba ndi kusankha kampani. Wina amakonda Airtel Malawi poti likulu lake amaliona ku City Centre, wina MPICO chifukwa cha Gateway Mall, wina National Bank kapena Illovo. Akasankha, amayang'ana mtengo m'nyuzipepala, n'kuchulukitsa ndi chiwerengero cha masheya omwe akufuna, basi n'kumati wamaliza. Funso lomwe limatsala, ndipo ndi lomwe limadyetsa anthu ndalama mwakachetechete, ndi la mmene aperekere oda yake. Njira zake zazikulu ndi ziwiri, ndipo pa kompyuta kapena pa foni zimalembedwa kuti `Market` ndi `Limit`. Yoyamba tiitche oda ya msika, yachiwiri oda ya malire. Maganizo anga ndi akuti pa msika wochepa ngati wathu, munthu wamba aziyamba ndi oda ya malire, ndipo oda ya msika aziigwiritsa ntchito pokhapokha ali ndi chifukwa chomwe angathe kuchifotokoza.

Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, ndipo unayamba kugulitsa masheya mu 1996 pamene kampani ya NICO inalowa. Woyang'anira ndi Reserve Bank of Malawi, yomwe likulu lake lili pano ku City Centre. Kuyambira mu 2018 malonda amayenda pa makina a kompyuta, koma munthu salowamo yekha. Amadzera kwa buloka wovomerezeka, ndiye kuti mkhalapakati wokhala ndi chiphaso, ndipo ndi iye amene amaika oda m'makinamo. Choncho ngakhale amene sanaonepo mabatani awiri aja amasankhabe. Wouza buloka wake kuti "ndigulireni pa mtengo uliwonse womwe ulipo" wapereka oda ya msika. Wonena kuti "musapitirire K104 pa sheya" wapereka oda ya malire. Zili ngati kutuma mwana ku msika wa Lizulu. Mukangoti akagule dengu la tomato, tomato abwera, koma chenje simuchidziwa. Mukamuuza ndalama zosapitirira, chenje mwachiteteza, koma mwina abwerako chimanjamanja. Oda ya msika imakutsimikizirani kuti malonda achitika ngati pali wogulitsa, osati mtengo. Oda ya malire imakutsimikizirani mtengo, osati kuti malonda achitika.

Kuti izi zimveke, pafunika kudziwa kuti mtengo wa m'nyuzipepala ndi wa malonda omwe anachitika kale. Ndi mbiri, si lonjezo. Chomwe chilipo panopa ndi mndandanda wa anthu omwe akudikira m'makina: mbali ina ofuna kugula, aliyense ndi mtengo wake, mbali ina ofuna kugulitsa. Mtengo wapamwamba wa ogula umalembedwa kuti `Bid`, wotsikitsitsa wa ogulitsa `Ask` kapena `Offer`. Makina amakumanitsa anthu potsata mtengo poyamba, kenako nthawi. Wogulitsa motchipa ndiye amayamba kugulidwa, ndipo awiri akafanana mtengo, amene anayamba kufika ndiye woyamba kuthandizidwa. Tiyerekeze ndi kampani yongopeka, yomwe mtengo wake womaliza unali K100, ndipo mndandanda wake lero uli chonchi:

```
Bid               Ask
1,500 @ 97.00     2,000 @ 100.00
4,000 @ 95.00     3,000 @ 104.00
8,000 @ 88.00    10,000 @ 112.00
```

Mayi wina wa ku Area 47 akufuna masheya 10,000, ndipo m'mutu mwake ndi K1,000,000. Akapereka oda ya msika, makina amutengera masheya 2,000 oyamba pa K100, zomwe ndi K200,000. Pa mtengo umenewo atha, ndiye makina akwera pa mzere wachiwiri n'kutenga 3,000 pa K104, zomwe ndi K312,000. Atsala 5,000, ndipo palibe kwina kowapeza koma pa K112, zomwe ndi K560,000. Zonse pamodzi ndi K1,072,000, kapena K107.20 pa sheya iliyonse, tisanaikepo komishoni ya buloka. K72,000 yapita popanda woba, popanda wonama. Makina achita ndendende zomwe anauzidwa. Mayi yemweyo akanati malire ake ndi K104, akanapeza masheya 5,000 pa K512,000. Onani kuti 2,000 oyamba aja akanawagulabe pa K100, chifukwa malire satanthauza kuti mulipira mtengo umenewo, amangotseka khomo la kupitirira. Otsala 5,000 akanakhala pa mndandanda ngati oda yake yodikira pa K104, ndipo iye akanakhala woyamba kwa aliyense wobwera kudzagulitsa.

Kwa wogulitsa nkhani ndi yomweyi, kungoti imatsetsereka. Bambo wogulitsa masheya 10,000 pa oda ya msika alandira K97 pa 1,500 oyamba, K95 pa 4,000 otsatira, ndi K88 pa 4,500 omaliza. Ndalama yonse ndi K921,500, yoperewera ndi K78,500 pa miliyoni yomwe amayembekezera.

Chifukwa chake izi n'zofunika kwambiri kuno ndi kuchepa kwa msika. Makampani olembedwa pa Malawi Stock Exchange ndi ochepa, ndipo masheya ambiri ali m'manja mwa eni makampani ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni ndi inshuwalansi, omwe sagulitsa kawirikawiri. Pamakhala masiku omwe masheya a kampani ina sagulidwa n'komwe. Pa misika ikuluikulu yakunja, pa sheya yotchuka pamakhala anthu masauzande pa mzere uliwonse, ndipo kusiyana kwa `Bid` ndi `Ask` kumakhala kakang'ono, moti oda ya msika ya munthu wamba imathera pa mzere woyamba. Pomwe mndandanda uli wopyapyala, oda ya miliyoni imodzi yokha ikhoza kudya mizere itatu. Ndipo ngakhale misika ikuluikuluyo inaonapo zakuda. Pa 6 Meyi 2010, ku America, ogula anachoka pa mndandanda kwa mphindi zochepa, ndipo maoda a msika anagulitsa masheya a kampani ya Accenture, omwe anali pafupifupi madola 40, pa senti imodzi. Malonda ambiri otere anafafanizidwa pambuyo pake, koma anaonetsa kuti oda yopanda mtengo imatsata mndandanda kulikonse komwe wapita.

Alipo otsutsa, ndipo mfundo yawo yoyamba ndi yamphamvu. Amati wokonda malire amatsala. Sheya ikamakwera tsiku ndi tsiku, monga zimachitikira kampani ikalengeza phindu lalikulu, woika malire pa K104 amaonerera mtengo ukufika K130 ali manja lende, ndipo K72,000 yomwe amaopa ija imaoneka yaing'ono. Izi n'zoona, ndipo ndi mtengo weniweni wa oda ya malire. Koma vuto pamenepo ndi malo omwe malire aikidwa. Munthu wotsimikiza kuti sheyayo ndi yoyenera K112 akhoza kuika malire ake pa K112 pomwepo. Oda yake ichitika nthawi yomweyo, pa mitengo yomweyo yomwe oda ya msika ikanapeza, K1,072,000. Kusiyana kuli pakuti ngati wogulitsa wa pa K112 uja wachotsa oda yake buloka asanadine batani, ndipo wotsatira akufuna K125, wa malire aima, wa msika apitirira. Liwiro la oda ya msika likhoza kupezeka ndi oda ya malire, koma chitetezo cha malire sichipezeka pa oda ya msika.

Ena amati misika yambiri ili kale ndi lamulo loletsa mtengo kukwera kapena kutsika mopyola muyeso pa tsiku limodzi, ndiye palibe choopa. Lamulo lotere limateteza msika ku chipwirikiti, koma malire ake ndi a msika, si anu. Kutaya K7 pa K100 iliyonse kukhoza kukhala mkati mwa lamulo, pomwe kwa mayi uja ndi ndalama ya golosale. Mfundo yomwe ndikuivomera ndi ya munthu wofuna ndalama mwachangu, wa fizi kapena wa matenda, komanso wa oda yaing'ono. Wogula masheya 500 pa mndandanda uja athera pa mzere woyamba, ndipo oda ya msika simupweteka. Wa changuyo naye akhoza kuona kuti K921,500 lero iposa miliyoni ya mwezi wamawa. Chofunika n'chakuti afunse buloka kuti pa mndandanda pali masheya angati pa mtengo uliwonse, asankhe akudziwa, komanso akumbukire kuti ndalama za masheya sizituluka tsiku lomwelo, zimadikira masiku angapo kuti malonda atsirizidwe.

Oda ya malire ili ndi msampha wake womwe okonda kuitama satchula. Imakhala ndi nthawi. Ina imafa msika ukatseka tsiku lomwelo, ndipo pa makina ambiri imalembedwa `Day`. Ina imakhalabe mpaka mwini ataichotsa, ndipo imalembedwa `GTC`. Yachiwiriyi ndi yomwe imaiwalika. Tiyerekeze kuti masheya 5,000 otsala a mayi uja akudikirabe pa K104, ndipo patatha masabata awiri kampani yalengeza kuti phindu latsika kwambiri. Onse omva nkhaniyi athamangira kugulitsa, ndipo woyamba kumupeza ndi iye, akuperekabe mtengo wakale. Agula pa K104 sheya yomwe mawa lake ili pa K90. Wogulitsa woiwala oda yake zimamuchitikira mobwerera: nkhani yabwino ikatuluka, masheya ake amatengedwa motchipa iye asanamve. Oda yodikira ndi lonjezo lopereka kwa aliyense, kuphatikizapo odziwa zomwe inu simunamve, ndiye iyenera kuunikidwa nthawi iliyonse kampani ikatulutsa chilengezo kapena malipoti ake a ndalama. Palinso vuto laling'ono la kugula mwa apo ndi apo: oda ikamakwaniritsidwa zidutswazidutswa masiku osiyana, ndi bwino kufunsiratu mmene komishoni iwerengedwere.

Umboni wa zomwe zachitika umapezeka pa chikalata chomwe buloka amatumiza malonda akachitika, chosonyeza chiwerengero cha masheya, mtengo ndi zolipira. Mukaona mitengo ingapo yokwererakwerera pa oda imodzi ya tsiku limodzi, dziwani kuti oda yanu inadya mizere ingapo ya mndandanda. Mukaona masheya ochepa kuposa omwe munapempha, malire anu anagwira ntchito, ndipo funso lotsatira ndi lakuti otsalawo akudikirabe kapena oda inafa. Koma mukapeza mtengo wogulira wopitirira malire omwe munapereka, chimenecho ndi cholakwika choyenera kudandaula, poyamba kwa buloka, kenako ku Malawi Stock Exchange kapena ku Reserve Bank. Dandaulo lotere limayenda ngati malirewo analembedwa pa fomu kapena pa imelo yokhala ndi deti, chifukwa mtengo wotchulidwa pa foni aliyense amaukumbukira mwa iye yekha.