Ngongole ya galimoto ndi fizi pa malipiro amodzi

Banki imadula ngongole ya galimoto tsiku lomwe malipiro alowa, pomwe sukulu imakhala chete miyezi itatu kapena inayi kenako n'kufuna ndalama yonse nthawi imodzi. N'chifukwa chake mabanja ambiri salephera kubweza ngongole, koma teremu ikamatsegulidwa amathamangira kwa akatapila.

Tiyerekeze banja lomwe bambo ndi mayi akaphatikiza malipiro awo, msonkho utachotsedwa, amapeza K1,200,000 pamwezi. Akongola K6,000,000 yobweza m'miyezi 36, chiwongola dzanja 30 peresenti pachaka. Asanasaine afunse kuti chiwongola dzanjacho chiziwerengedwa pa ndalama iti. Chikamawerengedwa pa ngongole yotsala, azipereka pafupifupi K255,000 pamwezi. Chikamawerengedwa pa K6,000,000 yonse kufikira kumapeto, azipereka pafupifupi K317,000, ngakhale papepala palembedwa 30 peresenti yomweyo. Kusiyana kwa K62,000 kumeneko n'koposa theka la zomwe banjali likufunika kusungira sukulu.

Galimoto nayo imadya. Mafuta, sevisi, matayala, inshulansi ndi chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu tiziikire K200,000 pamwezi, ndipo gawo la inshulansi ndi matayala lisungidwe padera, lisathere papampu.

Tsono sukulu. Tinene kuti ana awiri amalipira K300,000 pa teremu onse pamodzi, ndipo yunifolomu, nsapato ndi makope zimadya K180,000 chaka chikamayamba mu Sepitembala. Pachaka ndi K1,080,000, kutanthauza K90,000 mwezi uliwonse. Apa chachikulu ndi mwezi woyambira. Akayamba ndi malipiro a kumapeto kwa Sepitembala, pofika Januwale ali ndi K360,000. Alipira fizi, patsala K60,000. Pofika Epulo ali ndi K330,000, patsala K30,000. Miyezi isanu yotsatirayo ibweretsa K450,000, ndipo kuphatikiza yotsala ija ikwana K480,000, ndendende fizi ndi yunifolomu. Akangodumpha Disembala chifukwa cha Khirisimasi kapena feteleza, Januwale aperewera K30,000.

K90,000 imeneyi izichoka tsiku la malipiro ngati ngongole yachiwiri, banki izisamutsa yokha kupita ku akaunti ina kapena ku SACCO. Pa foni siichedwa kutha. Banki mkhonde ndi yabwino, koma magulu ambiri amagawana mu Disembala basi, ndiye imathandiza teremu ya Januwale yokha. Yapakhomo itsala K655,000, ndipo lendi, chakudya, magetsi ndi zamaliro zikwanire pamenepo.

Ena amati ndi bwino kuponya ndalama ya sukulu ku ngongole kuti ithe msanga, popeza chiwongola dzanja cha ngongole chimaposa cha ndalama yosunga. Masamu ake ndi oona: pa K255,000 ya mwezi woyamba, K150,000 ndi chiwongola dzanja chokhachokha. Komabe ine sindingatero ndi fizi, chifukwa yomwe mwapereka ku banki simungakaitengenso mwana akabwezedwa pageti. Ku ngongole kuzipita ndalama yapadera, monga bonasi kapena yogulitsa soya, mutafunsa kaye ngati banki ili ndi chindapusa kwa obweza msanga.