Mawu a Chingerezi amene kompyuta imawalekerera m'malipoti

Mawu akuti their ndi there amamveka chimodzimodzi, ndipo affect ndi effect amasiyana pang'ono chabe akamatchulidwa. Onsewa ali mu dikishonale. N'chifukwa chake Microsoft Word siika kamzere kofiira pansi pa there, ngakhale mawuwo atakhala pamalo pa their. Gawo la pulogalamuyi loona galamala limagwirako ena, koma si lodalirika. Kuwerenga mokweza nakonso sikuthandiza, chifukwa khutu limamva zolondola pamene papepala pali zolakwika. Lipoti likafika masamba 60, maso a wolemba amangoona zimene iye ankafuna kulemba.

Njira yothandiza ndi kusaka mawu okayikitsawo paokha, lipoti likatha kulembedwa. Wolemba amadina Ctrl+F, n'kulemba their, ndipo kompyuta imamuonetsa paliponse pamene mawuwa ali. Pamenepo sawerenganso nkhani yonse, amangoyesa chiganizo chilichonse. Their amanena za umwini, monga "awo" kapena "zawo", choncho akasinthidwa ndi our chiganizo chimamvekabe. There amaloza malo, kapena amayambitsa chiganizo ngati "pali". Posaka there ndi bwino kuchonga Find whole words only, apo ayi therefore ndi thereby amadzaza mndandanda.

Affect ndi effect ndiwo amavutitsa kwambiri. Nthawi zambiri affect ndi mneni, kutanthauza kukhudza, pamene effect ndi dzina, kutanthauza zotsatira. Apa chochongacho chichotsedwe, ndipo kungolemba ffect kumatulutsa onse pamodzi, kuphatikizapo affected ndi effects. Mwachitsanzo, lipoti lofotokoza za kusowa kwa mafuta likhoza kukhala ndi mzere uwu:

```
The fuel shortage effected our sales.
```

Kompyuta ingathe kuulekerera, chifukwa effect amagwiranso ntchito ngati mneni wotanthauza kuchititsa kuti chinthu chikhalepo. Mmene walembedwera, mzerewu ukunena kuti kusowa kwa mafuta ndi kumene kunabweretsa malonda, pamene wolemba amadandaula kuti malonda anakhudzidwa. Mawu oyenera ndi affected. Poyesa, wolemba amaika influenced pamalopo. Zikamveka, ndiye kuti pakufunika affected. Pamene result angalowe bwinobwino, monga pa the effect of the shortage, pamafunika effect.

Msampha waukulu ndi batani la Replace All. Munthu wotopa akaona effected wolakwika kawiri amafuna kungosintha onse nthawi imodzi, ndipo potero amaononga mizere yabwino ngati effected the payment, imene akauntanti analemba molondola kutanthauza kuti ndalama zinalipidwa. Malo alionse amafuna kuonedwa paokha.

Mawu a m'zithunzi, monga tchati chomatidwa ngati chithunzi, Ctrl+F siwapeza. Amenewo amafunika kuwerengedwa ndi maso, lipoti lisanapite kwa mabwana.