Yuniti Imodzi ya Magetsi Imadzaza Foni Kangati?

Yuniti ya magetsi imene munthu amagula ku ESCOM n'kulowetsa m'mita ndi muyeso wa mphamvu umene pa zipangizo amaulemba kuti kWh. Yuniti imodzi ndi mphamvu imene chipangizo cha mawati 1,000, monga mbaula ya magetsi, chimadya chikayaka ola lathunthu. Yunitiyo imagawika m'timagawo 1,000 totchedwa Wh, ndipo timagawoti ndi timene timagwira ntchito powerengera moto wa foni. Foni yamakono ya batire lalikulu imadzaza pafupifupi maulendo 39 ndi yuniti imodzi. Anthu ena amapeza nambala yoposa pamenepa chifukwa amaiwala kuti si moto wonse wochoka pakhoma umene umakafika m'batire.

Chiwerengerochi chimayambira pa batire. Pa bokosi la foni, kapena pa batire penipenipo, pamalembedwa nambala monga 5000 mAh. Nambalayi payokha siinena mphamvu yonse imene batire limasunga, mpaka itachulukitsidwa ndi mavoliti a batirelo. Mabatire a lifiyamu a m'mafoni amakono amakhala a mavoliti pafupifupi 3.85, pomene a m'mafoni a mabatani nthawi zambiri amakhala a 3.7. Kawerengedwe kake ndi aka:

```
Wh = mAh × V ÷ 1000
5000 × 3.85 ÷ 1000 = 19.25 Wh
```

Choncho batire la 5000 mAh likadzaza limakhala ndi 19.25 Wh. Pakanakhala kuti palibe moto wotayika panjira, tikanangogawa 1,000 ndi 19.25 n'kupeza maulendo pafupifupi 52. Koma palibe tchaja imene imafika pamenepo.

Magetsi a pakhoma m'Malawi ndi a mavoliti 230, ndipo amasinthasintha mbali imene akulowera. Batire limafuna magetsi oyenda mbali imodzi, a mavoliti ochepa kwambiri. Ntchito ya tchaja ndi kusandutsa magetsi a pakhomawo kuti akhale a mavoliti 5, kapena 9 ngati ndi tchaja yothamanga. Pa ntchitoyi gawo lina la mphamvu limasanduka kutentha. N'chifukwa chake munthu akagwira mutu wa tchaja foni itakhalapo theka la ola, amaupeza wofunda. Kufundako ndi magetsi olipiridwa amene sanafike m'foni. Tchaja yabwino imadutsitsa magawo apakati pa 80 ndi 90 mwa magawo 100 alionse a mphamvu imene yakoka.

Moto umatayikanso kachiwiri m'kati mwa foni. Muli kachipangizo kamene kamatsitsa mavoliti ochokera ku tchaja kuti agwirizane ndi batire, ndipo nako kamafunda. Batire nalo limafunda likamalandira moto, makamaka likamadzazidwa mothamanga. Chingwe chimatengako gawo lake, ndipo chikakhala chachitali, chopyapyala kapena chothyoka mawaya m'kati, gawolo limakula. Zonsezi zikaphatikizidwa, moto wochoka m'tchaja umafika m'batire pa mlingo wa magawo pafupifupi 88 mwa 100.

Kutayika kuwiriku sikuphatikizidwa mowonkhetsa, koma mochulukitsa, popeza foni imataya gawo la moto umene watsala kale. Tchaja ikadutsitsa magawo 85, foni n'kusunga magawo 88 a otsalawo, ndiye kuti ofika m'batire ndi magawo pafupifupi 75 mwa 100. Kunena kwina, pa mayuniti anayi alionse amene mita yawerenga, imodzi imathera pa kutentha.

```
0.85 × 0.88 ≈ 0.75
19.25 ÷ 0.75 ≈ 25.7 Wh
1000 ÷ 25.7 ≈ 39
```

Apa ndi pamene pachokera 39 uja. Foni ya 3000 mAh imasunga 11.55 Wh, imakoka pafupifupi 15.4 Wh pakhoma, ndipo imadzaza maulendo 65. Kafoni ka mabatani ka 1000 mAh kamasunga 3.7 Wh basi, ndipo yuniti imodzi imakadzaza maulendo oyandikira 200. Manambalawa ndi a foni yothereratu moto imene yadzazidwa mpaka 100%. Anthu ambiri amaika foni pa tchaja isanazime, mwina itatsala ndi 20%, ndipo zikatero foni ya 5000 mAh ija imafika maulendo pafupifupi 49. Komano foni ikamagwiritsidwa ntchito ili pa tchaja, munthu akuonera makanema kapena kucheza pa intaneti, moto wina umangopita kukayendetsa foniyo ndipo chiwerengero chimatsika.

Pali chikhulupiriro chakuti tchaja yolembedwa 33W imadya magetsi ochuluka katatu kuposa yolembedwa 10W. Si choncho ayi. Mawatiwo amangonena liwiro limene moto ukulowera. Ndowa imadzaza ndi madzi omwewo kaya mpopi ukutulutsa mwamphamvu kapena pang'onopang'ono, kusiyana kwake ndi nthawi yodikira. Tchaja yothamanga imatha kutenthetsa foni pang'ono kuposa inzake, koma kusiyanako sikufika pochulukitsa mayuniti kawiri kapena katatu.

Chimene chimasiyanitsa matchaja kwenikweni ndi kapangidwe kake. Dziko la Amereka linakhwimitsa lamulo la matchaja mu February 2016, ndipo matchaja okwaniritsa lamulolo amakhala ndi chizindikiro cha VI chozunguliridwa ndi mzere. Tchaja ya foni yotere siyenera kudya zoposa mawati 0.1 ikakhala pakhoma popanda foni. Nambalayi ndi yaing'ono, koma chaka chili ndi maola 8,760, ndipo tchaja yodya mawati 0.1 usana ndi usiku imamaliza pafupifupi 0.9 ya yuniti, moto wokwanira kudzaza foni ija maulendo oposa 30. Matchaja otchipa a mgonagona amatha kutaya zoposa pamenepo, ngakhale ena amalembedwa zizindikiro zabodza. Amadziwika ndi kupepuka kwake, kutentha moti sagwirika, kulira kapena kufunda ngakhale palibe foni, ndiponso foni kudumphadumpha ikamakhudzidwa ili pa moto. Tchaja yotere ndi yofunika kuitaya, osati chifukwa cha mayuniti okha, koma chifukwa imatha kuwononga batire kapena kubutsa moto m'nyumba.

Chipangizo chilichonse chowonjezera pakati pa gwero la magetsi ndi foni chimadulako gawo lake. Pawabanki imataya moto poidzaza, imatayanso poitsanulira m'foni, n'chifukwa chake ya 10000 mAh siidzaza kawiri foni ya 5000 mAh. Kumidzi kumene anthu amatchajitsa mafoni pa sola, moto wa m'batire la mavoliti 12 umayamba wakwezedwa ndi inveta kufika 230, kenako tchaja n'kuutsitsanso kufika 5. Inveta imadya moto wake ngakhale katundu ali wochepa, moti kuiyatsira foni imodzi kapena ziwiri n'kutaya. Tchaja ya m'galimoto yolumikizidwa molunjika ku batire la mavoliti 12 imapewa ulendo wozungulirawo.

Kwa munthu wa pa mita, mtengo wodzazira foni umapezeka pogawa mtengo wa yuniti imodzi ndi 39, ndipo kuwerengera komweku kumathandiza mwini kabizinesi kotchajitsa mafoni kuona kuti ndalama zake zambiri zimalowa ku lendi, matchaja ndi zingwe, osati ku magetsi. Foni ya 5000 mAh imene imadzazidwa kamodzi tsiku lililonse imadya mayuniti osafika 10 pa chaka chonse, mofanana ndi mbaula ya mawati 1,000 itayaka maola pafupifupi asanu ndi anayi ndi theka.