Fodya ndi Opaleshoni: Cifukwa Cake Dokotala Amapempha Masabata 4

Munthu akapatsidwa tsiku la opaleshoni, acipatala amamuyeza magazi, kumupima BP ndi kumufunsa mafunso angapo. Limodzi mwa mafunsowo ndi lakuti, "Kodi bambo, mumakoka fodya?" Ambiri amayankha kuti iyai, ngakhale ndudu zili m'thumba la jekete. Ena amavomera, koma akauzidwa kuti aleke amadabwa kuti fodya amene amapita m'cifuwa akhudzana bwanji ndi cilonda ca pamimba kapena pamwendo.

Yankho lake lili m'magazi. Cilonda cimapola ndi mpweya wa okosijeni umene magazi amabweretsa, ndipo utsi wa fodya umacepetsa mpweya umenewu pa nthawi imene cilonda cikuufuna koposa.

Cimene cilonda cimafuna

Ulusi umene dokotala amasokera supoletsa cilonda. Nchito yake ndi kungogwira mbali ziwiri za mnofu kuti zikhale pamodzi pamene thupi likudzilumikiza lokha.

M'masiku oyambirira thupi limatumiza pacilondapo maselo oyera a m'magazi, amene ndi asilikali opha tizilombo toyambitsa mafinya. Kuti aphe tizilomboto, asilikaliwa amagwiritsa nchito okosijeni. Pambuyo pake thupi limayamba kuluka timaulusi take tolimba tochedwa kolajeni, timene timamanga mnofu kuti ukhalenso umodzi. Kolajeni nayonso siingalukike bwino popanda okosijeni.

Nchito imeneyi imatenga nthawi. Khungu limaoneka lotseka pakapita sabata imodzi kapena awiri, koma mkati mumakhala mukali mofewa. Pamapita miyezi pafupifupi 3 kuti cipsera cifike pa mphamvu yake yeniyeni.

Cimene utsi umacita

Mu utsi wa fodya muli zinthu ziwiri zimene zimamana cilonda mpweya. Coyamba ndi nikotini, amene amacititsa munthu cibaba. Nikotini amafinya timitsempha ting'onoting'ono ta magazi ta pansi pa khungu, ndipo magazi ofika pacilonda amacepa. Pamenepo n'kuti mpeni utadula kale timitsempha tina, conco totsalato tikafinyikanso, m'mphepete mwa cilonda mumakhala njala ya mpweya.

Caciwiri ndi mpweya woipa wochedwa kaboni monokisaidi. Ndi mpweya womwe uja umene umapha anthu ogona ndi mbaula yoyaka m'nyumba yotseka mazenera m'nyengo yozizira. Mpweyawu umakanirira ku magazi mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200. Malo amene wakhala, okosijeni sangakhalepo. Wokoka fodya amalowetsa wocepa poyerekeza ndi wa mbaula, koma amaulowetsa tsiku lililonse.

Ofufuza anayeza ndi kupeza kuti munthu akakoka ndudu imodzi, okosijeni wa pansi pa khungu amatsika kwa nthawi yokwana pafupifupi ola limodzi. Conco "kandudu kamodzi cabe" ka kuseri kwa wodi kali ndi mtengo wake pacilonda.

Citsanzo ca bambo wa mwera

Tingayerekeze ndi bambo wa zaka 45, womanga nyumba wa m'komboni, amene amakoka ndudu 15 patsiku. Iye ali ndi mwera, ndiko kuti cotupa ca m'mphecepece cimene cimatuluka akanyamula colemera ndi kubwerera akagona cagada. Dokotala wamupatsa tsiku la opaleshoni, pa 30 Juni.

Ngati bamboyu apitiriza kukoka, ndudu 15 zija, iliyonse ndi ola lake, zimatenga pafupifupi nthawi yonse imene ali maso. Cilonda cake cimapeza mpweya wokwanira makamaka usiku akagona.

Vuto loyamba lingaonekere m'fiyeta momwemo. Njira za mpweya za wokoka fodya zimakhala ndi makhololo ambiri ndipo sizicedwa kunyanyuka. Akagonekedwa ndi mankhwala a tulo, angatsokomole kapena kubanika, ndipo pambuyo pake makhololo otsalira angabweretse cibayo. Kacipangizo kamene anesi amapana nako cala poyeza okosijeni kangaonetse nambala yabwino, cifukwa mitundu yambiri ya tizipangizoti siisiyanitsa magazi onyamula okosijeni ndi onyamula mpweya woipa uja. N'cifukwa cake wogoneka odwala amadalira kuuzidwa zoona.

Vuto laciwiri ndi cifuwa. Nthawi iliyonse imene bamboyu atsokomola, mimba imakankha malo omwewo amene asokedwa.

Vuto lacitatu kawirikawiri limabwera atatuluka kale m'cipatala. Pa tsiku la 5 kapena la 6, ululu umene unayamba kucepa umabwereranso. Pacilonda pamafiira ndi kutentha, kenaka pakati pa maulusi pamatuluka mafinya. Acipatala amakakamizika kumasula maulusi ena kuti mafinya atuluke, ndipo cilonda cimasiyidwa cotseguka kuti cipole kucokera pansi. Cimene cikanatseka m'masiku 10 cimafuna kutsukidwa ku kiliniki kwa masabata angapo. Masiku onsewo womanga nyumba sagwira nchito, pamene lendi ndi unga sizidikira. Ndipo popeza kolajeni wake analukika mofooka, mwera ungadzabwerenso pamalo omwewo.

Si wokoka fodya aliyense amene amakumana ndi zonsezi, ndiponso wosakoka naye angacite mafinya, makamaka ngati ali ndi shuga kapena magazi ocepa. Koma mwayi wa awiriwa si wofanana.

Kuwerenga cobwerera m'mbuyo

Bambo yemweyo akafuna kuti zimuyendere bwino, ayenera kutenga kalenda ndi kuwerenga masabata 4 kubwerera m'mbuyo kucokera pa 30 Juni. Afika pa 2 Juni. Pofika tsiku limenelo ndudu yomaliza ikhale itazima, ndipo akaleka tsikulo lisanafike, ndiye bwino koposa.

Tsiku limodzi kapena awiri ataleka, mpweya woipa uja ndi nikotini amakhala atatha pafupifupi onse m'magazi, ndipo magazi amanyamulanso okosijeni wokwanira. Koma asilikali a m'magazi ndi njira za mpweya sizicira msanga conco. Zimafuna masabata. Apa ndi pamene pacokera nambala ya 4.

Umboni wake ulipo. M'caka ca 2002, madokotala a ku Denmark anafalitsa kafukufuku wa odwala 120 okoka fodya amene anali kudikira opaleshoni ya bondo kapena ya m'ciuno. Anawagawa m'magulu awiri. Gulu limodzi linathandizidwa kuleka fodya kutatsala masabata 6 mpaka 8, pamene linalo silinapatsidwe thandizo limeneli. Pa gulu lothandizidwa, odwala 5 pa 100 alionse ndiwo anavutika ndi cilonda. Pa gulu linalo anali 31 pa 100 alionse. M'caka ca 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO nalonso linalengeza kuti oleka fodya kutatsala masabata 4 kapena kuposerapo amakumana ndi zovuta zocepa pambuyo pa opaleshoni.

Zimene zimasokoneza anthu

Ena amati, "Ndacepetsa, tsopano ndikukoka zitatu cabe." Kucepetsa ndi ciyambi, koma phindu limene madokotala aliona bwino ndi la oleka kotheratu.

Ena akaleka amaona kuti cifuwa cawonjezeka m'masabata oyambirira, ndipo amaganiza kuti kuleka kwawadwalitsa. Cimene cikucitika n'cakuti timaubweya ta m'njira za mpweya, timene utsi unatifooketsa, tayambanso kusesa makhololo. Ndi bwino kuti kusesaku kuthe cilonda cisanakhalepo.

Balani wopicira m'pepala alibe cifundo kuposa ndudu za m'sitolo, ndipo camba nacon'so cili ndi utsi wobweretsa mpweya woipa womwewo. Nsunko, umene amayi ambiri amaika pansi pa lilime kapena kufwenkha m'mphuno, ulibe utsi koma uli ndi nikotini. Mayi amene akudikira opaleshoni ayenera kuuchula kwa dokotala mosacita manyazi. Ndiponso ngati wodwala sakoka koma mwamuna wake amakokera m'cipinda cimodzi cimene onse amagonamo, utsiwo umamufikabe. Wokokayo azitulukira panja.

Pali timapepala tomata pakhungu ndi cingamu za nikotini zimene zimapezeka m'mafamase ena zothandiza kuthetsa cibaba. Zimenezi zilibe mpweya woipa wa mu utsi, ndipo n'zabwino kuposa kupitiriza kukoka. Koma wodwala ayambe wafunsa dokotala amene adzamucita opaleshoni. Cibaba cimavuta kwambiri m'masiku 3 oyambirira, kenaka cimanka cicepa m'masabata otsatira.

Ngati masabata 4 palibe

Opaleshoni yadzidzidzi siidikira fodya. Mwera ukakana kubwerera, n'kuyamba kuwawa kwambiri, wodwala n'kumasanza, matumbo angakhale atapanika. Munthu wotere athamangire ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale wakoka m'mawa womwewo. Cimodzimodzi mayi amene mwana wakanika kubadwa, kapena munthu wovulala pa ngozi. Cofunika ndi kuuza acipatala kuti amakoka zingati ndiponso yomaliza anakoka nthawi yanji.

Amene wauzidwa kutatsala sabata imodzi alekebe. Kale ena anali kuopa kuti kuleka pafupi ndi opaleshoni kumawonjezera mavuto a m'cifuwa, koma kafukufuku wa pambuyo pake sanapeze umboni wa zimenezo. Ngakhale tsiku limodzi lopanda utsi limayeretsako magazi.

Pambuyo pa opaleshoni

Kuleka sikuthera pakhomo la fiyeta. Cilonda cimaluka kolajeni wake wambiri m'masabata otsatira opaleshoni, conco wodwala akhale osakoka kwa masabata ena 4 kapena kuposerapo. Ngati ndi fupa lothyoka, nthawi yake ndi yaitali, cifukwa fupa la wokoka fodya limacedwa kulumikizika ndipo nthawi zina silimalumikizika konse. Acibale obwera kudzazonda asabise ndudu m'basiketi ya nsima.

Wodwala abwerere ku cipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku locotsa maulusi, akaona cimodzi mwa izi: ululu ukukula pambuyo pa tsiku lacitatu m'malo mocepa, kufiira kukufalikira, pacilonda patupa ndi kutentha, pakutuluka mafinya kapena madzi onunkha, m'mphepete mukuda kapena mukutseguka, thupi likutentha, kapena akupuma movutikira. Asathirepo mankhwala acikuda kapena ufa wa m'makapisozi. Popita anyamule kadi lake la ku cipatala, ndipo ngati anayambiranso kukoka, anene.